Mtengo Wolembedwa ndi Tsiku Lolonjezedwa

Ntchito yosindikiza makhadi, timabuku ndi zikwangwani m'Malawi siyenda mofanana chaka chonse, chifukwa imatsatira nyengo imene anthu amasonkhana, ndipo anthu amasonkhana kwambiri mvula ikatha, zokolola zikalowa m'nkhokwe ndiponso ndalama za fodya zikayamba kuyenda m'manja. Kuyambira cha mu Ogasiti kufikira Disembala, maukwati, zinkhoswe, misonkhano ikuluikulu ya mipingo ndi ya mabungwe zimathithikana pafupifupi Loweruka lililonse, ndipo pamwamba pa zonsezi pamadza makalendala a chaka chotsatira, amene makampani amafuna kuti akhale atagawidwa Khirisimasi isanafike. Motero nyumba yosindikiza imene makina ake amangokhala duu mu Febuluwale imapezeka mu Okutobala ikubweza anthu, kapena, chimene chili choipa koposa, ikulandira ntchito imene singathe kuimaliza pa tsiku lake.

Pa chifukwa chimenechi osindikiza ena amalembera okonza zochitika kalata ya pa imelo nyengo yotanganidwayi isanayambe, n'kuikamo mndandanda wa mitengo yawo. Ambiri amaiona kalata yotere ngati yoitanira malonda basi, koma wosindikiza wodziwa ntchito yake sasowa makasitomala mu Okutobala. Chimene amasowa ndi maola a makina ndi manja a antchito. Ntchito yeniyeni ya kalatayo ndi kukokera maoda kumasiku oyambirira, pamene makina ali ndi mpata, ndiponso kuthetseratu mikangano imene imabuka pamene wogula ndi wogulitsa anamvana pa nambala imodzi koma aliyense ali ndi chinthu chosiyana m'maganizo mwake. Mndandanda umene sukwaniritsa ziwirizi, ngakhale utakongoletsedwa chotani, sunganenedwe kuti ndi womveka.

Chiyambi cha kumveka ndi kuzindikira kuti pa ntchito yosindikiza mtengo wopanda kufotokoza chinthu chogulidwacho si mtengo ayi. Mzere wonena kuti pulogalamu ya ukwati ndi K1,200 suuza msungichuma wa komiti kanthu kalikonse kodalirika, pakuti pulogalamu ikhoza kukhala pepala limodzi lopinda pakati kapena kabuku ka masamba 8, ikhoza kukhala ya inki yakuda yokha kapena ya mitundu yonse, ndipo ikhoza kukhala pa pepala lopyapyala kapena lochindikala. Mzere uliwonse uyenera kutchula kukula kwa pepala, kulemera kwake, chiwerengero cha masamba, mitundu ya inki, kamalizidwe kake ndi kuchuluka kwa makope. Kukula kumatchulidwa ndi mayina amene amalembedwa pa mapaketi a mapepala: A4, pepala la masiku onse la mu ofesi, ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndipo A5 ndi theka lake, mamilimita 148 ndi 210. Kulemera kumalembedwa ndi zilembo za gsm, kutanthauza magalamu amene pepala lokula sikweya mita imodzi limalemera, kotero kuti pepala la mu ofesi ndi la 80, la timapepala tonyezimira togawira anthu limakhala la 130 kapena 150, ndipo khadi loitanira anthu ku ukwati limafuna la 300 kapena kuposerapo kuti liime lokha m'manja. Wokonza mwambo safunika kuloweza manambala amenewa, koma akalembedwa pamzerepo pamodzi ndi mawu ochepa owamasulira, amakhala ndi poyerekezera akalandira mtengo wotsika kuchokera kwa wosindikiza wina, ndipo amatha kufunsa ngati kutsikako sikuchokera pa pepala lopyapyala.

Pamene pagona nkhani yaikulu ndi pa kuchuluka kwa makope, chifukwa ndi pamene okonza zochitika amakayikira wosindikiza kuti akuwabera, pomwe iye akungotsata mmene makina ake amagwirira ntchito. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zosindikizira pa pepala. Yoyamba ndi ya dijito, imene makina amalandira ntchito kuchokera pa kompyuta n'kuyamba kutulutsa nthawi yomweyo, monga makina ochulukitsira zikalata mu ofesi koma aakulu ndi aluso. Mwa njira imeneyi kope loyamba ndi kope la 500 amadya ndalama zofanana. Yachiwiri ndi ya ofuseti, imene chithunzi cha tsamba chimayamba chaikidwa pa mapuleti, omwe ndi malata opyapyala a aluminiyamu okulungidwa pa makina, ndipo popeza mitundu yonse imapangidwa posakaniza inki zinayi, yobiriwira mobuluwira, yofiira mopinkira, yachikasu ndi yakuda, mbali imodzi ya pepala imafuna mapuleti 4. Makinawo asanayambe kutulutsa makope abwino, mmisiri amawononga mapepala ambiri ndi nthawi yambiri akulinganiza mapuleti kuti mitundu igwere pamalo amodzi ndiponso kuti inki isachuluke kapena kuchepa. Ndalama zonse zokonzekerazi zimalipidwa kamodzi, kaya makope ndi 50 kaya ndi 5,000, koma makinawo akangoyamba kuthamanga kope lililonse limatsika mtengo kwambiri.

Chitsanzo chingaonetse bwino zimenezi, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza, osankhidwa kuti masamu aoneke poyera, osati mitengo ya pamsika. Komiti yokonza msonkhano wa amayi a mpingo ikufuna kabuku ka pulogalamu ka A5, ka masamba 8, ka mitundu yonse, komangidwa ndi mawaya awiri pamsana. Kabuku kotere kamatuluka konse pa pepala limodzi lalikulu, lokulirapo pang'ono kuposa A3, losindikizidwa mbali zonse ziwiri, masamba 4 kutsogolo ndi 4 kumbuyo, kenako n'kudulidwa, kupindidwa ndi kumangidwa. Pa dijito wosindikiza akutchaja K1,200 kope lililonse popanda ndalama zokonzekera. Pa ofuseti pakufunika mapuleti 8, amene pa K20,000 iliyonse akukwana K160,000, ndipo kulinganiza makina pamodzi ndi mapepala owonongeka kukudya K80,000, kotero kuti kukonzekera konse ndi K240,000, pamene kope lililonse pambuyo pake ndi K400 yokha. Komitiyo ikafuna makope 100, dijito iwadyera K120,000, pomwe ofuseti ingawadyere K280,000, ndiye kuti K2,800 kabuku kamodzi. Pa makope 300 njira ziwirizi zikukumana pa K360,000. Koma pa makope 1,000 dijito ikufika K1,200,000, pomwe ofuseti ikuima pa K640,000, kabuku kamodzi n'kugwera pa K640.

Wosindikiza amene walemba mtengo umodzi wokha wa kabuku kameneka wanama mbali imodzi, chifukwa akalemba K1,200 wathamangitsa msonkhano wa anthu 1,000, ndipo akalemba K640 adzakangana ndi komiti ya ukwati yofuna makope 100. Mndandanda womveka umaika masitepe, monga makope 100, 300, 500 ndi 1,000, ndipo pa sitepe iliyonse umalemba ndalama zonse zolipira, osati mtengo wa kope limodzi wokha, pakuti msungichuma amafuna nambala yoti aike mu bajeti popanda kuchulukitsa yekha. Umawonjezanso chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chimene mtengo wa kope umatsikira makope akachuluka. Chiganizo chimenechi chili ndi phindu limene ambiri salilingalira, chifukwa makomiti amakonda kuyitanitsa makope ochepa poopa kuwononga ndalama, kenako n'kubweranso Lachinayi lomaliza kudzapempha owonjezera. M'chitsanzo chomwechi, makope 500 pa ofuseti ndi K440,000 ndipo 600 ndi K480,000, kusiyana kwake K40,000 yokha. Koma makope 100 owonjezera akafunidwa ntchito itatsika kale pa makina, adzatuluka pa dijito pa K120,000, ndipo mtundu wa chikuto chake sudzafanana ndendende ndi wa oyamba aja, chinthu chimene amayi ovala yunifolomu imodzi, okhala pa benchi imodzi, sangalephere kuchiona. Komiti imene yawerenga zimenezi mu Julayi imaganiza bwino za chiwerengero chake isanapereke oda.

Palinso kanthu kakang'ono kamene kamayenera kulembedwa pa mzere wa timabuku: kabuku komangidwa ndi mawaya pamsana kamakhala ndi masamba 4, 8, 12, 16 ndi kupitirira motero, chifukwa pepala lililonse lopindidwa pakati limabala masamba 4. Mlembi wa komiti akabweretsa pulogalamu ya masamba 9, adzalipira mtengo wa masamba 12, ndipo n'chilungamo kuti adziwiretu akadali ndi mpata wofupikitsa mawu a wapampando kapena wodzaza masamba otsalawo ndi nyimbo ndi mayina a othandiza.

Chachiwiri chimene mndandanda uyenera kunena poyera ndi malire ake, kutanthauza zimene zili m'kati mwa mtengo ndi zimene zili kunja. Mikangano yambiri pa kauntala ya wosindikiza imachokera pa zinthu zitatu. Choyamba ndi msonkho wa VAT, umene wosindikiza wolembetsa ku Malawi Revenue Authority amayenera kuwonjezera. Mtengo ukalembedwa osatchula ngati msonkhowo ulimo, wogula amaganiza kuti ulimo, ndipo invoisi ikabwera yokwera amamva kuti wapusitsidwa. China ndi ntchito yokonza maonekedwe a tsamba pa kompyuta, imene okonza zochitika ambiri amaiyesa yaulere, pomwe imatha kudya tsiku lathunthu la munthu, makamaka pamene mayina a anamkungwi ndi a operekeza akwati akusinthidwa kasanu. Mndandanda wabwino umanena mtengo wa ntchitoyo payokha ndi chiwerengero cha maulendo amene munthu angasinthe zolembedwa popanda kulipira china. Chachitatu ndi mayendedwe a katundu, chifukwa makatoni osindikizidwa ku Limbe kapena ku Lilongwe safika okha ku Mzuzu kapena ku Mangochi. Mawu akuti "kuyambira pa" ayenera kupewedwa, pakuti wowerenga amagwira nambala yotsikayo n'kuiwala mawuwo, ndipo chilichonse choposa pamenepo amachiona ngati chinyengo.

Malire ena ndi a nthawi, ndipo m'dziko muno si nkhani yamwambo chabe. Mapepala osindikizira, inki ndi mapuleti zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero kuti mtengo wake umayenda ndi mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023, pakatikati penipeni pa nyengo ya maukwati ndi makalendala, inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngati pa K400 ya kabuku kaja K250 inali ya pepala, kukwera kotere kumaifikitsa pa K360, ndipo pa makope 1,000 wosindikiza amene analonjeza mtengo wakale osaika malire amataya K110,000 pa ntchito imodzi yokha. Choncho mndandanda uyenera kukhala ndi tsiku limene walembedwa ndi tsiku limene mitengo yake idzathere mphamvu, monga masiku 30, ndipo uyenera kunena kuti mtengo umamangika pa tsiku limene dipoziti yalipidwa. Dipoziti, imene ndi ndalama yoperekeratu ntchito isanayambe ndipo kawirikawiri imakhala theka la mtengo wonse, si chizindikiro chokayikira kasitomala, koma ndi ndalama imene wosindikiza amagulira pepala la ntchitoyo tsiku lomwelo, kuti lonjezo lake likhale ndi katundu kumbuyo kwake. Kalata imene yafotokoza zimenezi m'chiganizo chimodzi, n'kutchula kuti ndalamayo ingatumizidwe kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, imachotsa manyazi amene amakhalapo munthu akauzidwa za dipoziti pamaso, anthu ena akumva.

Wosindikiza woona mtima ayeneranso kuvomereza kuti lonjezo limeneli limamumanga iye mwini. Wolipira dipoziti pa mtengo wolembedwa sayenera kuuzidwa pa tsiku lotenga katundu kuti zinthu zakwera, ngakhale zitakweradi, chifukwa wosindikiza akangotero kamodzi, kalata zake zonse za mtsogolo zidzawerengedwa ngati nyambo, ndipo makomiti a maukwati amauzana msanga kuposa mmene kalata iliyonse ingayendere.

Tsopano pakubwera chimene chimasiyanitsa kalata ya nyengo yotanganidwa ndi mndandanda wamba wopachikidwa pakhoma, ndicho masiku. Wokonza mwambo amawerenga kuchokera lero kupita kutsogolo, koma wosindikiza amawerenga chobwerera kuchokera pa tsiku la mwambowo. Msonkhano ukakhala Loweruka, katundu ayenera kukhala m'manja mwa komiti Lachitatu, kuti ngati pali cholakwika pakhale masiku awiri ochikonzera. Kudula, kupinda, kumanga ndi kulongedza makope 1,000 kumadya Lachiwiri lonse. Inki ya ofuseti siuma nthawi yomweyo, makamaka pamene mtundu wakuda kapena wobiriwira wadzaza tsamba, ndipo mapepala akadulidwa asanaume inkiyo imadinda kumbuyo kwa pepala linzake. Choncho kusindikiza kuyenera kutha Lachisanu la sabata yapitayo kapena Lolemba m'mawa. Mapuleti sangapangidwe komiti isanavomereze chitsanzo, ndipo komiti sivomereza tsiku limodzi, chifukwa mlembi amafuna wapampando aone, ndipo wapampando amafuna abusa aone. Powonjezapo tsiku limodzi la kuzima kwa magetsi, limene wosindikiza aliyense m'dziko muno amaliwerengera, zikuoneka kuti ntchito yooneka yaing'onoyi imafuna masiku ogwira ntchito pafupifupi 10. Kalata yabwino siingonena kuti ntchito imatenga masiku 10. Imatchula masiku enieni, kuti ofuna katundu wa mwambo wa Loweruka lakutilakuti atumize zolemba zawo pofika Lachisanu lakutilakuti, ndipo imaika mtengo wapadera wa ntchito yachangu, pamodzi ndi chifukwa chake, chomwe ndi malipiro a antchito ogwira usiku, mafuta a jenereta ndi ntchito ya munthu wina imene iyenera kutsitsidwa pa makina.

Chitsanzo chovomereza chatchulidwachi ndi kope limodzi, la pa pepala kapena la pa kompyuta, limene kasitomala amaliwerenga n'kusainira kuti zonse zili bwino makina asanayambe. Kalata iyenera kunena mosabisa kuti cholakwika chimene chinali pa chitsanzo chosainidwa ndi cha kasitomala, ndipo chimene chabwera pambuyo pake, monga mtundu wothimbirira kapena kudula kokhota, ndi cha wosindikiza, amene adzabwereza ntchitoyo ndi ndalama zake. Mzere umenewu umaoneka wouma, koma umateteza mbali zonse ziwiri pa cholakwika chimene chimapweteka kwambiri pa mwambo, chomwe ndi dzina. Dzina la mfumu, la mlendo wolemekezeka kapena la malemu likalembedwa molakwika pa makope 600, palibe kuchotsera mtengo kumene kungachotse manyazi a komiti, ndipo mmisiri wa pa kompyuta sangadziwe kuti banja lina limalemba dzina lake ndi chilembo chimene banja lina sililemba. Munthu amene wauzidwiratu kuti siginecha yake ndiyo yomaliza amawerenga mayina ndi chala, mzere ndi mzere.

M'gawo lomweli mumalowa malangizo ochepa a mmene zolemba ziyenera kutumizidwira, ndipo atatu ndi okwanira. Fayilo ibwere ya PDF, chifukwa ya Word imasuntha mizere ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Zithunzi zikhale zazikulu mokwanira, pakuti kusindikiza kwabwino kumafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti chithunzi chodzaza chikuto cha A5 chiyenera kukhala cha timadontho pafupifupi 1,748 m'lifupi ndi 2,480 m'litali. Chithunzi cha akwati chimene chadutsa m'magulu atatu a WhatsApp chimakhala chitafinyidwa, ndipo ngakhale chimaoneka bwino pa foni, pa pepala nkhope zimatuluka zosalongosoka. Ndipo mtundu uliwonse wofika m'mphepete mwa tsamba upitirire ndi mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira, chifukwa mpeni wodula mulu wa mapepala sugwera pamalo amodzi ndendende, ndipo popanda malo owonjezerawo m'mphepete mumatsala kamzere koyera.

Nthawi yotumizira kalatayo imadalira mmene makomiti amagwirira ntchito. Bajeti ya ukwati kapena ya msonkhano imamangidwa pa misonkhano yoyambirira, miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike, ndipo nambala imene yalowa m'buku la msungichuma pa nthawiyo ndiyo imakhala muyeso wa mitengo ina yonse. Kalata yofika mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi imapeza mzere wa zosindikiza usanadzazidwe, pomwe yofika mu Seputembala imapeza komiti itaika kale nambala yongoganizira, imene kawirikawiri imakhala yochepa. Kwa ogwira ntchito m'maofesi ndi m'mabungwe, amene malamulo awo ogulira katundu amafuna makoteshoni atatu, mndandanda sulowa m'malo mwa koteshoni yosainidwa, koma umawathandiza kupempha ndalama zokwanira kwa akuluakulu awo, ndipo kalata ingalonjeze kuti koteshoni yotero idzatumizidwa tsiku lomwelo ikapemphedwa.

Kalatayo ikhale yaifupi, pakuti idzawerengedwa pa foni ndi munthu wosunga bandulo yake. Mutu wake unene chimene chili m'kati, monga "Mitengo ya mapulogalamu ndi makhadi, Ogasiti mpaka Disembala", ndipo mawu oyamba akhale aulemu woyenera munthu amene akulemberedwa: "Kwa a Wapampando ndi komiti yonse, tikupereka moni. Popeza chaka chatha munatipatsa ntchito ya mapulogalamu a msonkhano wanu, taona kuti n'koyenera kukudziwitsani mitengo ya chaka chino ndi masiku otsekera maoda, kuti mukonzekere nthawi ikadalipo." Mizere ikuluikulu ya mitengo ilembedwe m'kalata momwemo, ndipo mndandanda wonse uphatikizidwe ngati PDF ya tsamba limodzi yopepuka, chifukwa ulendo wake weniweni umayamba pamene mlembi wautumiza ku gulu la komiti pa WhatsApp, kumene udzawerengedwa popanda kalata ija, ndiye chifukwa chake tsiku lothera mitengo ndi nambala ya foni ziyenera kukhala pa tsambalo. Mayina a olandira achokere m'buku la malisiti, mwa anthu amene anagulapo kapena anapempha okha kuti azidziwitsidwa, osati m'mindandanda yotoleredwa kwina, pakuti lamulo la 2016 loyendetsa malonda ndi mauthenga a pa makina a intaneti sililola kutumizira anthu mauthenga amalonda amene sanawavomereze. Ngati kalata imodzi ikupita kwa anthu ambiri, maadiresi awo aikidwe mu Bcc, malo amene amabisa olandira anzawo, chifukwa kuonetsa wokonza maukwati wina maadiresi a opikisana naye ndi a makasitomala onse a nyumbayo ndi kuulula zimene sizinali za wosindikiza kuti aulule. Ndipo aliyense apatsidwe njira yapafupi yonenera kuti asalemberedwenso.

Pali zifukwa ziwiri zimene osindikiza ena amakanira kulemba mitengo yawo, ndipo si zopanda nzeru. Choyamba ndi chakuti wopikisana naye adzauona mndandandawo n'kutsitsa pang'ono mzere uliwonse. Zimenezi zimachitikadi, koma wopikisanayo akanadziwabe mitengoyo potuma munthu kudzafunsa, ndipo chimene sangakope mosavuta ndi pepala la 150 gsm ndi tsiku la Lachitatu zimene zalembedwa pambali pa nambalayo. Mndandanda wofotokoza bwino umapatsa kasitomala mafunso oti akafunse kwa wotsitsayo. Chachiwiri ndi chakuti malonda a kuno amayenda ndi kunenerera, ndipo munthu amene wauzidwa kuti mtengo ndi womwewo amamva ngati wakanizidwa ulemu. Apa mlembi wa mndandanda ayenera kusankha, chifukwa akakweza mitengo dala kuti asiye malo onenerera, ofatsa adzalipira zambiri kuposa olimba pakamwa, ndipo zikadziwika mndandandawo watha ntchito. Njira yolungama ndi kulemba kuchotserako poyera pamodzi ndi zifukwa zake, kuti wopereka oda masabata 4 tsiku lisanafike, kapena wotumiza fayilo yokonzeka kale, kapena woyitanitsa makhadi, mapulogalamu ndi matisheti pamodzi, adzachotseredwa mwakutimwakuti. Potero msungichuma amabwerera ku komiti ali ndi chimene wapindula, ndipo wosindikiza wagula ndi kuchotserako chinthu chimene amachisowa, chomwe ndi nthawi.

Si ntchito yonse imene ingalowe mu mndandanda. Makhadi odulidwa mwa maonekedwe apadera, zilembo zagolide ndi mabuku ochindikala a malipoti zimafuna kuwerengeredwa pazokha, ndipo n'kwabwino kungonena choncho kusiyana ndi kudzaza masamba anayi ndi mitengo imene palibe adzaiwerenge. Mizere 10 kapena 12 ya zinthu zimene zimafunidwa kawirikawiri ndi yokwanira.

Ngati mndandanda wagwira ntchito kapena ayi zimadziwika ndi zizindikiro zimene zili kale m'nyumba yosindikizayo. Funso limodzi likamabwera mobwerezabwereza pa foni, monga ngati maenvulopu ali m'kati mwa mtengo wa makhadi, ndiye kuti pali mzere umene ukusowa, ndipo uyenera kuwonjezedwa sabata yomweyo. Invoisi zikamatuluka zokwera kawirikawiri kuposa mtengo wa pa mndandanda, ndiye kuti mndandandawo ukufotokoza ntchito imene anthu sagula, ndipo masitepe ake ayenera kusunthidwa kuti afanane ndi maoda enieni. Koma chizindikiro chachikulu chili m'buku la maoda, poyerekeza tsiku limene oda yalowa ndi tsiku la mwambo wake: mpata umenewu ukakula kuchoka pa masiku 4 kufika pa masabata 3, kalatayo yachita chimene inalemberedwa, ngakhale chiwerengero cha makasitomala chitakhala chomwecho. Buku lomwelo limauzanso wosindikiza nthawi yolemba kalata yachiwiri, yaifupi kuposa yoyamba, imene imanena masabata amene adzaza kale ndi amene akadali ndi malo. Powerengera kudzazako sayenera kuyang'ana liwiro la makina osindikizira, amene amatha kutulutsa mapepala masauzande pa ola, koma tebulo lopindira ndi kumangira, pamene anthu atatu kapena anayi amagwira kabuku kalikonse ndi manja, chifukwa m'nyumba zing'onozing'ono ndi pamenepo pamene ntchito ya Okutobala imaunjikana, ndipo sabata imene tebulo limenelo ladzaza iyenera kulembedwa kuti yatsekedwa, ngakhale makina atakhala ndi maola otsala.